Malamulo oteteza ana: ndiwalengeze bwanji osakhumudwitsa mavolontiya komanso osaopseza makolo?

"Ndimayang'anira pulogalamu ya achinyamata yomwe imakumana Loweruka lililonse, ana ndi pafupifupi 60 a zaka 9 mpaka 16, mavolontiya tili nawo 8. Komiti yalemba malamulo oteteza ana masamba 14 akuti ine ndilengeze. Mantha anga ndi akuti mavolontiya aona ngati tikuwaganizira zoipa, makolonso aganiza kuti pachitika china chake chomwe tikubisa. Ndiyambire pati?"

Mayi, masamba 14 amenewo musawalengeze ayi. Asungeni mu fayilo, ndi ofunika ndithu ndipo wofuna kuwerenga mumupatse, koma chomwe muzilengeza chikwane pa tsamba limodzi basi. Mukangotumiza chikalata chonsecho pa gulupu ya WhatsApp anthu ayika kachala kosonyeza kuti alandira, mwina awiri atsegula, ndipo Loweruka lotsatira zinthu zichitika chimodzimodzi ngati kale.

Posankha zoyika pa tsamba limodzilo, ine ndimayesa chonchi: kodi kholo litaima pa geti lingaone ndi maso kuti lamuloli likutsatidwa kapena ayi? Mawu ngati akuti "mavolontiya azilemekeza ana nthawi zonse" ndi okoma kumva koma palibe angawaphwanye moonekera, ngakhale munthu woipitsitsa angalumbire kuti amalemekeza ana. Koma mukalemba kuti "wamkulu asakhale yekha ndi mwana pamalo pomwe ena sakuwaona", apo aliyense akudziwa chomwe chikunenedwa, ngakhale mwana wa zaka 9. Ndiye malamulo ake akhale otero. Wamkulu sakhala yekha ndi mwana mobisika. Salemberana mameseji ndi mwana awiriwiri, uthenga uzidzera kwa kholo kapena pa gulupu pomwe pali akuluakulu ena. Satenga mwana pa galimoto kapena pa njinga ali yekha. Sapatsa mwana mmodzi ndalama kapena mphatso mwamseri. Samenya kapena kunyoza mwana, sajambula ana ndi foni yake popanda chilolezo cha makolo. Ndipo chilichonse chokayikitsa amachinena tsiku lomwelo kwa munthu amene mwamusankha. Zisapitirire apa, zikachuluka anthu sazisunga m'mutu.

Chifukwa chomwe timasankhira amenewa muchimvetse bwino inuyo kaye, chifukwa ndi chomwecho chidzakupulumutseni pa miting'i ya mavolontiya. Ana ambiri amene amachitidwa nkhanza zogonana amachitidwa ndi munthu yemwe amamudziwa komanso kumukhulupirira, osati mlendo wobisala pa tchire. Ndipo munthu wotere sayamba ndi choipa chachikulu. Amayamba ndi kusankha mwana mmodzi kukhala wapamtima, kenako kamphatso, kenako kameseji kausiku kofunsa ngati wadya, kenako lifiti, kenako kachinsinsi kakang'ono kongoyesa ngati mwanayo amasunga pakamwa. Chilichonse mwa izi pachokha chimaoneka ngati chifundo, n'chifukwa chake anthu abwino amaona koma amangokhala chete, amaopa kunamizira munthu. Malamulowa amadula njira imeneyo pakati. Simufunikanso kudziwa zomwe zili mu mtima mwa munthu, mumangofunsa ngati anali yekha ndi mwana mu ofesi chitseko chili chotseka kapena ayi.

Muyambe ndi mavolontiya, maso ndi maso, kutatsala sabata ziwiri kuti muuze makolo. Izi si zamwambo chabe. Kholo likalandira uthenga wanu sililunjika kwa komiti, lifunsa volontiya yemwe amaphunzitsa mwana wake, ndiye akayankha kuti "aaa inenso ndangoziona pa gulupu, kaya akufuna chani" ntchito yanu yonse yathera pomwepo.

Miting'i imeneyi muipatse ola limodzi ndi theka, osati mphindi 10 zakumapeto anthu atanyamula kale zikwama. Mawu oyamba munene poyera chomwe aliyense akuganiza mu mtima: palibe amene tikumukayikira muno, malamulowa ndi a tonse kuyambira ine, ndipo ndisayina koyamba ndine. Musayinedi iwo akuona. Wapampando wa komiti, woyambitsa pulogalamu, mlendo wobwera kudzalankhula tsiku limodzi, onse chimodzimodzi, chifukwa pakangokhala mmodzi wosakhudzidwa otsalawo amva kuti ndi iwo akuganiziridwa. Muwauzenso zoona zake kuti malamulowa amatchinjiriza iwonso, volontiya amene sakhala yekha ndi mwana nthawi zonse amakhala ndi mboni mawa wina akamunenera zabodza. Koma apa musakhalitsepo, ndaonapo miting'i ikusanduka yokambirana za momwe ana amanamizira akuluakulu, zomwe zimasiya anthu atakonzeka kale kusakhulupirira mwana akadzabwera ndi nkhani. Cholinga choyamba ndi mwana, chachiwiri ndi volontiya, ndipo muzinene m'ndondomeko imeneyo.

Mukatero musawerenge malamulo ngati chilengezo cha maliro. Muwapatse nkhani, iwo ayankhe okha. Nkhani yomwe ndimaigwiritsa ntchito nthawi zonse ndi iyi, chifukwa inachitikadi pa pulogalamu ina yomwe ndinkathandiza ndipo imachitika paliponse. Pulogalamu yatha 4 koloko. Mtsikana wa zaka 12 sanabwere omutenga. Yakwana 5:30, kunja kwayamba kuda, anzake onse apita, mavolontiya ena anatsanzika kalekale, watsala bambo mmodzi wotseka zitseko ndipo ali ndi galimoto. Foni ya mayi ake a mwana sikupezeka. Atani?

Muona kuti chipinda chigawanika. Ena ati amuperekeze basi, mwana sangagone panja. Ena ati lamulo likukana. Onse akunena zoona, ndipo apa ndi pomwe anthu amamvetsa kuti vuto silinayambe 5:30, linayamba 4:15 pomwe volontiya wachiwiri ananyamuka mwana akadali pompo. Pa pulogalamu ija bamboyo anamutengadi mwanayo kukamusiya kwawo, munthu wabwinobwino ndipo palibe choipa chinachitika, koma sanauze aliyense poopa kuti anena kuti waphwanya lamulo. Patatha sabata ziwiri mwana anangotchula kunyumba m'macheza kuti anakwera galimoto ya aphunzitsi, bambo ake a mwana anafika atalusa, ndipo ife tinalibe choyankha chifukwa sitinkadziwa n'komwe. Lifitiyo payokha ikanatha kufotokozedwa bwinobwino. Chomwe chinatigwetsa ndi kubisako.

Ndiye yankho mulikonze limodzi ndi iwo, lilembedwe. Otsala kutseka azikhala awiri nthawi zonse ndipo sachoka mpaka mwana womaliza atapita. Fomu ya mwana aliyense ikhale ndi manambala awiri, wa kholo ndi wa munthu wina yemwe kholo lamuvomereza kuti angamutenge. Pakadutsa mphindi 15 muyambe kuimba, musadikire mdima. Podikirapo mukhale pa bwalo kapena pa khonde poonekera, osati mkati. Ngati palibedi njira ina koma kumuperekeza, apite akuluakulu awiri, mwana akhale mpando wakumbuyo, ndipo inu mulandire meseji ponyamuka ndi pofika, yokhala ndi nthawi yake. Nanga zitavutitsitsa munthu n'kupezeka ali yekhayekha? Asamusiye mwana panja chifukwa choopa pepala. Akuimbireni inu nthawi yomweyo, anene komwe ali ndi chomwe akufuna kuchita, kholo liuzidwe tsiku lomwelo, zilembedwe m'buku lolembamo zochitika zotere. Ichi muchinene momveka bwino: wodziulula yekha kuti zinandikanika kutsatira lamulo pa chifukwa chakutichakuti salangidwa, amene ali pa vuto ndi wobisa. Lamulo lopanda khomo limeneli limangophunzitsa anthu kubisa.

Pamenepa ndikufunseni za chiwerengero chanu, chifukwa lamulo la akuluakulu awiri limafa msanga anthu akachepa. Bungwe loteteza ana la ku Britain la NSPCC limalangiza wamkulu mmodzi pa ana 8 a zaka 9 mpaka 12, ndi mmodzi pa ana 10 a zaka 13 mpaka 18, ndipo ngakhale gulu lichepe bwanji akuluakulu asachepere awiri. Tiyerekeze kuti mwa ana anu 60, ana 32 ndi aang'onowo ndipo 28 ndi okulirapo. Aang'ono afuna akuluakulu 4, okulirapo afuna 3, pamodzi 7. Inu muli ndi 8. Kutanthauza kuti awiri akangodwala kapena kupita ku ukwati tsiku limodzi, mwaperewera kale. Mugwirizaniretu chochita tsiku lotero, kaya kuphatikiza magulu mu holo imodzi, kaya kuitana kholo lomwe munagwirizana nalo kale, kaya kuimitsa zochitika zomwe zimafuna kumwazikana. Ndipo musawerengere wachinyamata wa zaka 16 kapena 17 yemwe amakuthandizani ngati wamkulu wachiwiri. Pangano la United Nations la ufulu wa ana la 1989 limati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, ndiye iyeyo ndi woti atetezedwe nawo, ngakhale atatalika kuposa inu.

Nkhani yachiwiri yoti muyeseze nawo ndi ya mwana amene wabwera n'kunena kuti "ndikufuna ndikuuzeni chinachake koma musauze munthu". Mavolontiya ambiri amayankha msanga kuti sindiuza munthu, chifukwa cha chifundo, kenako amapezeka atamangika. Aphunzire kunena kuti ndikumvera bwinobwino, koma ngati wina akukupweteka ndiyenera kuuza munthu mmodzi amene angathandize, ndipo ndikuuza kuti ndi ndani. Akatero amvetsere basi. Asafunse mafunso oika mawu m'kamwa ngati "anakugwira apa eti?", angofunsa kuti kenako chinachitika ndi chani. Asapite kukafunsa woganiziridwayo, asayambe kufufuza okha, asakambe ndi mavolontiya anzawo. Alembe mawu enieni a mwanayo momwe wawanenera, osakonza chilankhulo, ayike tsiku ndi nthawi, apereke kwa wosankhidwa uja tsiku lomwelo, akachedwetsa asadutse maola 24. Ngati mwana ali pa ngozi panthawiyo kapena wagwiriridwa, ndi nkhani ya apolisi, a zosamalira ana ndi chipatala mwachangu, osadikira komiti ikumane, chifukwa mankhwala oteteza ku HIV munthu akagwiriridwa amayenera kuyambika pasanathe maola 72. Malamulo okakamiza kupereka lipoti amasiyana dziko ndi dziko, ndiye musanalengeze mufunse ku ofesi yosamalira ana yakwanuko kuti manambala omwe mulembe pa tsambalo akhale olondola komanso oyankhidwa. Muwaimbe nokha kuyesa.

Olandira madandaulo akhale awiri, ndipo ngati n'kotheka mayi ndi bambo. Wachiwiriyo asakhale mkazi wa mtsogoleri, mbale wake kapena mnzake wapamtima. Anthu amaseka ndikanena izi koma tangoganizani, dandaulo likakhala lokhudza mtsogoleriyo munthu akanene kwa ndani?

Tsopano makolo. Funso lomwe lili m'mutu mwawo mwalidziwa kale, ndiye muliyankhe mu mzere woyamba iwo asanafunse. Ngati palibe chachitika nenani choncho, ndipo munene chifukwa chake mwayamba pano, mwina ana achuluka, mwina mavolontiya atsopano akubwera. Koma ngati chilipo chomwe chinachitika, chonde musaname kuti palibe. Nkhani zotere zimatuluka, ndipo tsiku lotulukalo palibe adzakhulupirirenso tsamba lanu. Mukhoza kunena kuti panabwera dandaulo, lili m'manja mwa oyenera kulifufuza, sititchula maina pofuna kuteteza mwana, ndipo izi ndi zomwe tasintha. Makolo amakwiya ndi nkhani yotere inde, koma amakwiya koposa akamva kwa ena.

Uthenga wake ukhoza kumveka chonchi, musinthe mogwirizana ndi kwanu: "Makolo athu, palibe vuto lomwe lachitika. Ana achuluka ndipo tikufuna nonse mudziwe momwe timawasamalira. Kuyambira Loweruka likubwerali, wamkulu aliyense pano sakhala yekha ndi mwana wanu mobisika, samulembera meseji payekha, samutenga pa galimoto ali yekha, samupatsa mphatso mwamseri. Mavolontiya onse akambirana izi ndipo asayina. Mukaona kapena kumva zosiyana ndi izi, ngakhale zioneke zazing'ono, imbirani anthu awiri awa. Mukhoza kubwera kudzaona zomwe tikuchita nthawi iliyonse osauza munthu." Mwaona kuti mulibe mawu akuti ana anu ndi otetezeka kotheratu? Ndachita dala. Palibe angalonjeze zimenezo, ndipo kholo lochenjera limayamba kukayika likamva lonjezo lotero. Chomwe chimakhazika mtima wa kholo pansi ndi kupatsidwa chinthu choti lingayang'ane lokha pa foni ya mwana wake kapena pa geti, ndi nambala yoti liimbe. Chiganizo chomalizacho, choti abwere osauza munthu, chimagwira ntchito kuposa ndime zonse zokoma.

Ngati mumafufuza mavolontiya musanawalembe, monga kalata ya kupolisi yosonyeza kuti alibe mlandu ndi maumboni a anthu awiri owadziwa, muwauze makolo, koma musaitamande kwambiri kalatayo. Imangoonetsa amene anagwidwapo kale. Amene sanagwidwepo amabwera ndi kalata yoyera bwino, n'chifukwa chake malamulo a tsiku ndi tsiku aja ndi omwe ali patsogolo.

Uthenga wa pa foni sukwanira pawokha, makolo ena sawerenga bwino, ena foni ndi ya munthu wina. Muchite kamiting'i kakafupi pa nthawi yotenga ana, muwerenge tsambalo mokweza, olandira madandaulo aja aimirire anthu awaone nkhope. Musabweretse nkhani zoopsa za ana ogwiriridwa kwina kuti anthu amve kufunika kwake, zimangowatumiza kunyumba ndi mantha. Chilolezo cha zithunzi chikhale pa mzere wakewake pa fomu, kholo lithe kukana zithunzi mwana wake osachotsedwa mu pulogalamu. Mafunso okhudza munthu wina wake musayankhe pagulu, nenani kuti tionane pambali tikatha.

Ana nawonso auzidwe, ndipo ambiri amaiwala gawo limeneli. Mphindi 10 zakwana, aang'ono paokha akulu paokha. Muwauze kuti awa ndi malamulo omanga akuluakulu, osati iwo, ndipo wamkulu akawaphwanya wolakwa ndi wamkuluyo ngakhale mwana analandira mphatsoyo kapena anayankha mesejiyo. Ichi n'chofunika chifukwa mwana amene walandira kanthu amadziona ngati nayenso walakwa ndiye amakhala chete. Popeza muli ndi a zaka 9 ndi a zaka 16 malo amodzi, mukumbukirenso kuti nkhanza zina zimachitika pakati pa ana okhaokha, makamaka ku zimbudzi ndi kosinthira zovala, ndiye mugawe nthawi kapena malo, ndipo wamkulu aziima panja pafupi osati kulowa yekha.

Mudziwa bwanji kuti zamveka? Osati ndi masiginecha. Pakatha mwezi mufunse volontiya aliyense mwadzidzidzi kuti mwana atakuuzani chinthu lero mungaimbire ndani, akayamba kukanda mutu ndiye kuti mubwereze. Muyang'anenso buku lija. Anthu amasangalala likakhala lopanda kanthu, koma ine buku loyera patatha miyezi itatu pa ana 60 limandidetsa nkhawa, chifukwa sizingatheke kuti palibe kholo linachedwapo, palibe mwana analemberapo volontiya meseji usiku. Buku lamoyo limakhala ndi tinthu ting'onoting'ono ngati "mwana wandilembera pa WhatsApp 9 koloko usiku kufunsa za homuweki, sindinayankhe, ndauza mayi ake m'mawa". Volontiya watsopano aliyense adutse mu zomwezi asanakumane ndi ana, ndipo chaka chilichonse mubwereze ndi onse.

Mukonzekerenso tsiku lomwe lamulo lidzaphwanyidwe koyamba, chifukwa kawirikawiri amaliphwanya ndi volontiya wokondedwa kwambiri, wakalekale, amene ana amamuthamangira, ndipo adzati aaa mayi inunso, mwana ameneyu ndamulera ndine. Mumuitanire pambali tsiku lomwelo muli awiri ndi mnzanu wolandira madandaulo, munene chomwe mwaona popanda kumuganizira zoipa, mumukumbutse chomwe anasayina, mulembe m'buku, kholo lidziwe. Akabwereza kachiwiri atachenjezedwa, ayambe waima kaye kugwira ntchito ndi ana mpaka komiti ione nkhaniyo, ndipo zimenezi zikhale zolembedwa pa tsamba lomwe anasayina lija kuti asadzati simunanene.